Kamera ya livesi pa Probox yakale: waya tilumikize pati, sikirini tigule iti?

Mayi a Tadala: Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Ndili ndi Probox ya 2008 ya manyuwo imene ndimanyamulira mabelo a kaunjika, ndiye ndikapakira katundu amafika mpaka kudenga moti galasi lamkati lija limangoonetsa mabelo basi. Sabata yatha ndikubwerera mmbuyo pa geti ndaphwanya beseni la aneba, ndipo pomwepo ndi pamene ana amakonda kusewera, mtima wanga sunakhalenso mmalo. Ndagula kakamera kakang'ono komangira pamwamba pa nambala puleti, kali ndi chingwe chachitali chamitu yachikasu komanso china chachifupi cha waya wofiira ndi wakuda. Mwana wanga wamkulu akuti angathe kuika yekha koma sitikudziwa wofiirayo alumikizidwe pati, komanso sikirini sindinagule. Wailesi ndi yomwe inabwera ndi galimoto ija, ilibe sikirini. Thandizeni chonde.

Bambo a Yankho: Mayi mwachita bwino kugula, ine yanga inandipulumutsa minibasi itandikhula pa raundabauti, dalaivala amakana koma vidiyo inaonetsa zonse. Chofunika mugule memori khadi yabwino osati zotchipa zija, zimadzadza nkusiya kujambula inu osadziwa

Achimwene a ku Joni: Bambo a Yankho imeneyo ndi ina, yanuyo ndi yojambula pamsewu. Mayiwa akunena yoonera kumbuyo pobwerera. Mayi musavutike ndi zingwe, gulani yopanda waya, kabokosi kamodzi kumbuyo kena kutsogolo nkhani yatha. Ndipo ngati mukufunabe yanuyo, wofiira mulumikize ku waya wofiira wa nyali yakumbuyo, wakuda ku wakuda, ma Toyota onse ndi choncho

Bambo a Yankho: Oho pepani ndinawerenga mothamanga

Madala Wamawaya: Mayi a Tadala mwafunsa nthawi yabwino musanadule kanthu. Ntchito imeneyi mwana wanu angaithe ndithu, bola asathamange. Koma achimwene a ku Joni, zoti wofiira ku wofiira ayi ndithu. Mu pulagi ya nyali yakumbuyo mumalowa mawaya angapo, wa mapaki, wa buleki, wa indiketa, wa livesi ndi ethi, ndipo mitundu yake imasintha malinga ndi galimoto komanso chaka. Chimene ndingavomereze nchakuti pa Toyota ethi nthawi zambiri amakhala woyera wokhala ndi mzere wakuda, osati wakuda yekhayekha. Enawo timayeza, sitilota.

Kuyeza kwake nkotere. Imikani pamalo athyathyathya, kokani handibuleki, ikani mwala kutayala. Kiyi apite pa ON koma injini musalize, chifukwa munthu akhala atagwada kumbuyo kwa galimoto giya ili mu livesi. Masulani nyali yonse ija muone babu imene imayaka moyera mukalowetsa livesi, mutsatire mawaya ake awiri. Tengani tesita ya kababu kapena mita muiike pa DC 20V, waya wakuda wa mita pa bauti ya bodi, wofiira pa waya amene mukumukayikira. Wina alowetse livesi, mita iwerenge pafupifupi 12. Atulutse giya, ibwere pa 0. Kenako giya ili fili yatsani mapaki, pondani buleki, yatsani indiketa mbali zonse, waya ameneyo akhalebe pa 0. Akatero ndi yemweyo.

Mayi a Tadala: Zikomo madala. Koma kulumikiza ku nyali sikungapsereze fuzi kapena kufooketsa babu? Ndimaganiza kuti kamera imafuna waya wakewake wochoka ku batire

Madala Wamawaya: Ayi mayi, kakamera kameneko kamadya moto wochepa kwambiri, mwina 0.1 kapena 0.2A, pamene babu imodzi ya livesi imadya kupitirira 1A. Waya wa nyaliyo sangamve nkomwe kuti mwaonjezapo kanthu. Ubwino wolumikiza pamenepo ndi wakuti nyali ya livesi imakhala ngati swichi, giya ikalowa kamera yayaka, giya ikatuluka yazima. Mukaitengera ku batire izikhala yoyaka usiku wonse, ikutentha komanso ikumwa batire pang'onopang'ono. Ine ndimaikapo kafuzi ka 1A kapena 2A pa waya wofiirayo pafupi ndi polumikiza, kuti chingwe cha kamera chikadzatibuka penapake pazipsa kafuzi kameneko, osati fuzi ya galimoto imene mwina imadyetsanso zinthu zina za pa dashibodi.

Achimwene a ku Joni: Chabwino za mitundu ndavomera, ine ndinaika pa Corolla ndiye zinangogwirizana. Koma pa yopanda waya sindisintha, ya mnzanga ikugwira bho chaka chachiwiri ichi

Madala Wamawaya: Zilipo zogwira, sindikukana. Koma dziwani kuti kabokosi kakumbuyoko kamafunabe moto wa ku nyali ya livesi, kakutsogolo nako kamafuna moto, ndiye chimene mwapulumuka ndi chingwe chimodzi chokha cha chithunzi. Zotchipa zambiri zimayenda pa 2.4GHz, komwenso kumadutsa Wi-Fi ndi Bluetooth, ndiye mutauni chithunzi chimatha kuthothoka kapena kuchita mizere nthawi imene mukuchifuna. Pa lole yaitali kapena ngolo ndimamvetsa. Probox kutalika kwake ndi mamita 4 ndi pang'ono, chingwe chafika kale mmanja mwa mayiwa, bwanji tisachigwiritse ntchito.

Mayi a Tadala: Nanga sikirini? Kushopu anandionetsa zitatu. Ina yaing'ono ya mainchi 4.3 yomata pa dashibodi, ina yovekera pa galasi lamkati, ndiye ina ndi wailesi yathunthu ya Android imene akuti ndichotse yakaleyo. Mwana akukakamira ya Android, ine thumba likukakamira yaing'onoyo

Sisi wa Sienta: Mayi ine ndili ndi ya pagalasi. Usiku ndi mmawa imaoneka bwino kwambiri ndipo maso amapita okha pamenepo poti tinazolowera kuyang'ana galasi pobwerera. Koma masana dzuwa likawomba kuchokera kumbuyo, chithunzi chimasakanikirana ndi zimene galasilo likuonetsa, umachita kutsinzinira kuti uone. Komanso ndi yolemera, pamsewu wafumbi wa mabampu galasi limagwedera mpaka kuweramira pansi, ndimangokhalira kulikweza

Madala Wamawaya: Sisi anena zoona zonse ziwiri. Kungoti kwa mayi a Tadala vuto la kuwala lichepako akapakira, chifukwa mabelo atchinga windo yakumbuyo ndiye galasi limakhala lamdima. Koma poti amayenda mmisika ya kumudzi, kugwedera kuja kuwatopetsa. Ine ndikanati atenge ya 4.3 kapena ya mainchi 5 ya pa dashibodi. Chithunzi chake sichosalala ngati cha foni koma mwana, chitsa, ngalande, zonse zimaoneka. Muiike pakona pafupi ndi chipilala cha kumanja kapena pakati mmunsi pang'ono, isatchinge msewu, ndipo tepi yomatira imene imabwera nayo imasungunuka ndi dzuwa la Okutobala, ndiye pukutani dashibodi ndi sipiliti isanamatidwe, polishi yense achoke.

Ya Android ndi yabwino ngati mumafuna kale kusintha wailesi, makamaka poti mawailesi akale ochoka ku Japan FM yake imathera pa 90 ndiye masiteshoni ambiri kuno sagwira. Koma zotchipa zina ukangoliza galimoto zimatenga nthawi kuti zidzuke, iwe wabwerera kale chithunzi chisanabwere. Ngati mungaitenge, muiyese pashopu pomwepo.

Chachikulu chimene anthu amagwa nacho si kukula kwa sikirini. Makamera alipo amitundu iwiri, CVBS yakale ija ndi AHD yatsopano, pulagi yachikasu ndi yofanana ndendende koma chilankhulo chake nchosiyana. Onani pa katoni ya kamera yanu palembedwa chiyani, ndipo pokagula sikirini mutenge kamerayo akailumikize muone ndi maso.

Mayi a Tadala: Katoni tinataya kale koma ndiona pa kapepala kamkati

Mphwanga wa Golf 5: Pepani ndilowerereko poti nkhani ndi yomweyi. Ine ndinalumikiza ndendende mmene madala afotokozeramu pa Golf 5, waya ndinayeza ndi mita. Injini ikakhala yozima chithunzi chili bwinobwino, ndikangoliza chimayamba kuphethira, nthawi zina kuzimiratu nkubweranso. Ndasintha kamera kawiri zomwezo. Ndiye musamangoti nyali ya livesi nyali ya livesi, sizigwira paliponse

Madala Wamawaya: Mphwanga kamera zako ziwirizo mwina zinalibe mlandu. Magalimoto ambiri a ku Ulaya a zaka zimenezo nyali zake sizidyetsedwa ndi swichi mwachindunji, pali kompyuta pakati imene imayang'anira ngati babu yapsa, ndipo pa ena moto umapita moduladula mofulumira kwambiri. Babu siona vuto, mita nayo imangokupatsa nambala yooneka ngati yabwino, koma kamera imafuna moto wosalala. Mankhwala ake ndi rileyi wamba wa mapini anayi. Pini 86 ku waya wa livesi, 85 ku ethi, 30 ku moto woyera wa 12V wodzera pa fuzi, monga wa soketi ya ndudu ya mu buti ngati ilimo, ndiye 87 ku kamera. Nyali ingokhala yotsegula chitseko, moto weniweni uchoke kwina. Rileyi ikamalira ngati njuchi ndiye kuti nayonso ikumva kuduladulako, pamenepo pamafunika kafyuluta kogulitsidwira ntchito yomweyi. Probox ya mayiwa ilibe zimenezi, ndi swichi ya pa giyabokosi, waya, babu, basi.

Mphwanga wa Golf 5: Rileyi ndili nayo ina ya ma sipoti laiti, ndiyesa Loweruka

Mayi a Tadala: Ndabweranso abale. Tagula sikirini ya 4.3 ndipo mwana wagwira ntchito dzulo tsiku lonse. Koma zikuchitika ndi izi, masana ndikalowetsa livesi palibe chimene chikuoneka, sikirini ili bii. Madzulo nditayatsa nyali popita kukatenga katundu sikirini inayaka yokha ndili mu giya yachitatu, koma chithunzi chake ndi mizere yotuwa yothamanga, osaona kanthu. Yakhala choncho njira yonse mpaka ndinaiphimba ndi kansalu

Achimwene a ku Joni: Kamera yafa imeneyo mayi, bwezani. Zinthu zotchipazi pa khumi zogwira zimakhala zochepa

Madala Wamawaya: Musabweze kaye. Apa pali matenda awiri osiyana ndipo onse akudzionetsa okha. Loyamba, sikirini ikuyaka ndi nyali, ndiye kuti mnyamata walumikiza ku waya wa mapaki. Mufunseni ngati anayeza.

Mayi a Tadala: Akuti mita anabwereka inalibe batire ndiye anangoona waya amene amaoneka kuti akulowera ku babu yoyera

Madala Wamawaya: Eya, mawaya amenewo amalowa mu tepi limodzi nkutulukira kwina, diso limanama. Palibe chimene chapsa, asadandaule. Agule tesita ya kababu, siidula, achite zija ndinalemba pamwambapa. Pamene anasenda waya wa mapaki atsekepo bwino ndi tepi. Ndipo polumikiza pa waya woyenerayo asangopota ndi zala nkukulunga, kumbuyo kwa nyali kumalowa fumbi ndi chinyezi ndiye pakatha miyezi ingapo pamachita dzimbiri lobiriwira, kamera nkumayaka mwa apo ndi apo. Asende pang'ono osadula, akulunge, aotchere ndi soda, kenako tepi yabwino. Wakuda amange pa bauti ya bodi pamene wapala penti mpaka chitsulo kuwala. Asamange ethi pa chitseko chakumbuyo, chifukwa chitseko chimagwira bodi kudzera mmahinjesi okhala ndi girizi, ethi yake njosadalirika.

Musanayambe zonsezi taonani kaye ngati nyali za livesi zikuyaka nkomwe. Ma Probox ambiri ogwira ntchito ya katundu ndimawapeza mababu onse awiri anapsa kalekale kapena swichi ya pa giyabokosi inafa mwini wake osadziwa. Babu yakupsa siletsa kamera, moto umafikabe pa waya, koma usiku kamera imadalira kuwala kwa mababu omwewo. Swichi ikafa ndiye palibe moto ngakhale pang'ono.

Lachiwiri ndi mizere ija. Kapepala kaja kalembedwa chiyani?

Mayi a Tadala: Palembedwa AHD 720P / CVBS ndipo pa chingwe pafupi ndi kamera pali timawaya tiwiri topindika ngati makutu a kapu, kena kobiriwira kena koyera. Kamera sitinapite nayo kushopu, ndinaiwala

Madala Wamawaya: Mwachita mwayi, kamera yanu imalankhula zonse ziwiri. Panopa ili pa AHD pamene kasikirini kanu kamamva CVBS yokha, nchifukwa chake mukuona mizere. Timakutu timeneto ndi maswichi, ukadula kamodzi kamera imasintha. Koma osadula mwachisawawa, chifukwa pa makamera ena kobiriwira ndi kosintha AHD kupita CVBS, pa ena nkochotsa mizere yoyezera mtunda, pa enanso nkotembenuza chithunzi. Werengani pa kapepalako kuti kati ndi kati. Dulani pakati penipeni kuti mukalakwitsa muthe kulumikizanso, moto uli wozima, ndipo nsonga zake muzitseke ndi tepi payokhapayokha.

Onaninso kumbuyo kwa sikirini, timakhala ndi mapulagi awiri a chithunzi, AV1 ndi AV2. Pa tambiri kamera ya livesi imalowa pa AV2, yomwe kawirikawiri ndi yoyera.

Sisi wa Sienta: Madala funso langa, sikirini yawoyo moto aitengera kuti? Poti akuti imayaka ndi nyali ndiye kuti ili pa waya umodzi ndi kamera eti? Ine anandiikira ku soketi ya ndudu

Madala Wamawaya: Mwaona bwino sisi. Chingwe chachitali chija chili ndi kawaya kofiira kotulukira mbali zonse ziwiri, ndi waya umodzi woyenda mkati kuchoka kumbuyo kufika kutsogolo. Mnyamatayu kumbuyo wakalumikiza pamodzi ndi moto wa kamera, kutsogolo wadyetsa nako sikirini. Pa kasikirini kakang'ono ngati aka zimatheka, ndipo ubwino wake sugwira waya wina aliyense wa pa dashibodi kupatula ethi. Kuipa kwake sikirini imadzuka kuchoka kutulo nthawi iliyonse ndiye pamadutsa kamphindi chithunzi chisanabwere, komanso kawayako nkoonda, sikirini yaikulu singakhute. Njira yanuyo sikirini imakhala ili maso kiyi akangotsegulidwa, imangodikira chithunzi. Amene ali ndi wailesi ya Android, kawaya kofiirako sikadyetsa kanthu, kamapita ku waya wolembedwa BACK kapena REVERSE kuti wailesi idziwe kuti giya yalowa, ndipo pulagi yachikasu ipite pa CAM IN osati pa AUX.

Achimwene a ku Joni: Ine ndimaona bwino kamera izingoyaka nthawi zonse galimoto ikamayenda, makamaka kwa mayiwa poti galasi lamkati ndi lotchingidwa. Bwanji osangoilumikiza ku ACC, waya amene amakhala ndi moto kiyi akangotsegulidwa, izikhala ngati galasi?

Madala Wamawaya: Ena amatero ndipo pa ma vani otseka kumbuyo ndaikapo. Koma timakamera totchipati tambiri sitinapangidwire kuyaka maola asanu, timatentha nkuchita nkhungu mkati. Komanso diso lake ndi lotambalala kwambiri, galimoto imene ili pafupi imaoneka ngati ili kutali, ndiye kusintha leni podalira chimenecho nkoopsa, ndipo usiku nyali za akumbuyo zimangoyeretsa sikirini yonse.

Achimwene a ku Joni: Komabe kuona pang'ono kuposa kuona mabelo madala. Ine ndikanaika kaswichi, ndizisankha ndekha

Sisi wa Sienta: Apa ine ndili mbali ya achimwene, kaswichi sikalakwika

Mayi a Tadala: Zatheka abale!! Tesita tagula, waya wa livesi unali wina ndithu, ndipo babu imodzi inali yakupsa tasintha. Kapepala kanati kobiriwira ndiye ka CVBS, tadula, chithunzi chabwera choyera bwino moti ndikuona mpaka nkhuku. Koma pali ziwiri. Chingwe mwana wachidutsitsa pa mphira wa chitseko chakumbuyo, chikupanika tikatseka. Ndiye mizere yofiira ndi yachikasu ija sindikuimvetsa, ndimafika pa yofiira koma nditatsika ndikupeza khoma lili patali

Madala Wamawaya: Chingwecho chichoke pamenepo lero lomwe mayi. Chitseko cha Probox yamalonda chimatsegulidwa kambirimbiri patsiku, sipatha mwezi chidzaduka mkati, ndipo nthawi ya mvula madzi azitsata chingwecho kulowa pa katundu wanu. Pamwamba pafupi ndi mahinjesi pali kapaipi ka mphira kamakwinya komwe mumadutsa mawaya a galimoto kuchoka ku bodi kulowa mu chitseko. Chingwe chidutse mmenemo. Avule mbali zonse ziwiri za kapaipiko, alowetse kaye waya wolimbirako ngati wa buleki ya njinga wopindidwa kunsonga kuti usaboole, amangirire chingwe ndi tepi, apake sopo wamadzi pang'ono nkukoka mofatsa. Ngati kamera yanu ili ndi kapulagi kakang'ono koonda pakati pa chingwe, alowetse mbali imeneyo, mutu wachikasu uja ndi waukulu umavuta. Asiye chingwe chomasuka pang'ono kuti chitseko chikatseguka mpaka pamwamba chisakokeke, ndipo abwezeretse kapaipiko mpaka kakhale bwino mmalo mwake, apo ayi denga lizidontha.

Chingwe cha mamita 6 chikhoza kuperewera mukatsitsira pansi nkuyenda mmbali mwa zitseko, chifukwa mu chitseko mokha mwadya kale choposa mita. Kudzera mmphepete mwa denga kumafupika, nkutsikira pa chipilala chakutsogolo. Waya wa moto wochoka ku nyali nawo uyenera kukwera chipilala chakumbuyo nkulowa mu kapaipi komweko, ndiye auonjezere. Ngati anaboola chitseko kuseri kwa nambala puleti, pabowopo apakepo penti ndi kuikapo kamphira, chitsulo chosapakidwa chimadula chingwe komanso chimachita dzimbiri.

Za mizere, imeneyo inajambulidwa mu kamera ku fakitale, siidziwa kuti kamera mwaiika pamwamba bwanji kapena mwaiweramitsa motani, ndipo siikhota mukakhotetsa chiwongolero. Weramitsani kamera mpaka mphepete ya bampala izioneka pang'ono pansi pa sikirini, chifukwa bampala ndiye chinthu chokhacho chimene mukudziwa pamene chili. Kenako tengani tepi yoyezera muike mabotolo kumbuyo, lina pa theka la mita, lina pa mita imodzi, lina pa mamita awiri, mukhale pampando muone pamene lililonse likugwera pa mizereyo. Muikenso botolo pakona iliyonse ya bampala, muona kuti pali malo pamene kamera siiona nkomwe, ndiye magalasi a mmbali ntchito yawo ikadalipo. Muchite zimenezi kawiri, galimoto ili yopanda kanthu komanso mutapakira mabelo, chifukwa kumbuyo kukatsika mizere yonse imasuntha.

Komaliza imikani mwana kumbuyo akweze dzanja limene lili mbali ya dalaivala. Pa sikirini lioneke kumanja, ngati mmene zimakhalira pagalasi. Likaoneka kumanzere ndiye kuti chithunzi nchotembenuka, muonenso pa kapepala kaja.

Mayi a Tadala: Dzanja laoneka kumanja. Mzere wofiira ukugwera pa botolo la mita imodzi, nchifukwa chake ndimaima patali. Kapaipi tapeza koma nkothina kwambiri, mwana akuti achita mawa kukawala. Lero kuchoka ku msika kamera inali itadzadza fumbi moti chithunzi chinali ngati chifunga, ndapukuta ndi chala chonyowa chabwerera

Sisi wa Sienta: Fumbi limenelo muzolowere mayi, kumbuyo kwa galimoto zoduka ngati zathuzi kumakoka fumbi lonse. Ine ndimasunga kansalu mu chitseko. Ndipo kokatsukitsa muziwauza anyamata asalozetse paipi ya puresha pa kamera, yanga yoyamba inalowa madzi choncho

Mphwanga wa Golf 5: Madala rileyi ndaika, kuzima kuja kwasiya ndipo siikulira. Koma patsala timizere toonda toyenda kuchoka pansi kupita mmwamba, ndikaponda mafuta timathamanga kwambiri

Madala Wamawaya: Timeneto tikutsata injini ndiye ndi phokoso la magetsi, mwina ethi kapena alitaneta. Ethi ya kamera wamanga pati, ndipo ya sikirini ili pati? Tayesa kukoka waya wongoyeserera kuchoka pa ethi ya kamera kukafika pamene pamangidwa ethi ya sikirini, uone ngati tichepe. Undiuzenso ngati chingwe cha chithunzi wachiyendetsa limodzi ndi mtolo wa mawaya a galimoto.

Mphwanga wa Golf 5: Ethi ndinamanga pa kasikuluwu ka nyali, ndipo eya chingwe chili limodzi ndi mtolo mbali ya kumanzere. Ndiyambe ndi chiti?

Madala Wamawaya: Yamba ndi ethi, kasikuluwu ka nyali nthawi zambiri kamaluma pulasitiki. Upeze bauti ya bodi mu buti, upale, umange, ndiye utiuze.